Momwe mungatchere chikumbutso cha tsiku ndi tsiku kuti chisasokonezeke mukakhala kunja

Musanatchere chikumbutso chilichonse, dzifunseni kuti chikutsata wotchi ya kuti: ya kumene muli, kapena ya kumudzi? Alamu ya pafoni imatsata wotchi ya dziko lomwe mwafikako. Kalendala, monga Google Calendar, imamangirira chochitika ku nthawi ya dera lomwe mwasankha. Mavuto ambiri amayamba munthu akapatsa alamu ntchito ya kalendala.

Titenge munthu wogwira ntchito ku Manchester amene amaimbira mayi ake ku Zomba tsiku lililonse 7 koloko madzulo, nthawi ya ku Malawi. Malawi ali pa UTC+2 chaka chonse, kutanthauza maola 2 patsogolo pa nthawi yoyendera dziko lonse lapansi. Britain amasintha: kuyambira Lamulungu lomaliza la Okutobala amatsalira ndi maola 2, ndipo kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi amatsalira ndi ola limodzi lokha. Akatchera alamu ya 5 koloko mu Januwale, zimayenda bwino mpaka Malichi. Mawotchi akangosintha, alamu ija imalirabe 5 koloko, koma ku Zomba imakhala ili 6 koloko, mayi akadali pamoto.

Chikumbutso chotere chiikeni mu kalendala. Tsegulani chochitika chatsopano, dinani pa `Time zone`, musankhe `Central Africa Time`, kenako mulembe 19:00. Dinaninso `Does not repeat` n'kusankha `Every day`. Mukasunga, foni idzaonetsa 17:00 m'nyengo yozizira ya ku Britain ndi 18:00 m'nyengo yotentha, popanda inu kukhudza kanthu. Mukaona kuti ikuonetsabe 19:00 muli ku Manchester, ndiye kuti dera silinasankhidwe, kapena kalendala sikutsata nthawi ya foni. Yang'anani `Use device's time zone` mu `Settings`.

Zodzuka, zokwera basi ndi zolowa ntchito, alamu wamba ndi yokwanira. Chenjerani kokha mukamalemba shifiti mu kalendala muli kutchuthi ku Lilongwe. Ya 8 koloko m'mawa ikamangiriridwa ku nthawi ya ku Malawi, mu Disembala idzaoneka pa 6 koloko mukabwerera ku Britain.

Zonsezi zimadalira kuti foni ikudziwa kumene ili. Pa iPhone pitani `Settings > General > Date & Time` muyatse `Set Automatically`. Pa Android yatsani zoti foni izisankha yokha dera pansi pa `Date & time`. Osakankha ola pamanja kuti lifanane ndi wotchi yapakhoma, chifukwa dera limatsala lakale ndipo za mu kalendala zimalira pa ola lolakwika. Kumalire nkosiyana: pafupi ndi Songwe foni imatha kugwira netiweki ya Tanzania n'kutsogola ndi ola limodzi, choncho kumeneko zimitsani zodzisankhirazo musankhe dera nokha. Opita ku Joni kapena ku Lusaka alibe chosintha, nthawi ndi imodzimodzi.

Mankhwala omwa pa ola lokhazikika amawerengera maola apakati, osati wotchi yapakhoma. Amangirireni ku nthawi ya dera lomwe munayambira kumwa, ndipo ngati ola latsopanolo likugwera pakati pa usiku, funsani adokotala musananyamuke momwe mungalisunthire.