Momwe mungapezere nthawi yotsala theka ndi kapasita, batire ndi wotchi

Mphwanga anabwera ku holide ali ndi funso la kalikyulasi limene linamusowetsa tulo. Ankadziwa kulemba dV/dt = −kV pamtima, koma atafunsidwa kuti 0.693 ija ya mu fomula ya nthawi yotsala theka, nthawi imene chinthu chimatenga kuti chichepe n'kutsala theka, imachokera kuti, anangokanda m'mutu. Tinaganiza zoti tichione chinthucho ndi maso patebulo, ndipo njira yotchipa imene ndikuidziwa ndi kapasita, kachida kosunga magetsi, imene ikutaya magetsi ake kudzera mu rezisita, kachida kochepetsa mayendedwe a magetsi.

Mufunika batire la mavoti 9, kapasita yolembedwa 1000 µF, rezisita ya 100 kΩ, mita yoyezera voteji ndi wotchi ya pafoni. Rezisitayo mudzaizindikira ndi mizere yake: wabulauni, wakuda, wachikasu. Kapasita ikhale yolembedwa 16 V kapena kuposa. Musataye ndalama zambiri, okonza mawailesi ali nazo zodzaza chitini, ndipo wailesi yakufa ya kunyumba ikhoza kukupatsani zonse ziwiri mwaulere. Koma kapasita yotupa pamutu isiyeni. Mnyamata wina pamsika anandigulitsapo zitatu zotere akulumbira kuti ndi zatsopano, miyendo yake ikuoneka kuti angoizula kumene.

Musanalumikize kanthu, mvetsani chimene fomula ikunena. V ndi voteji imene yatsala. dV/dt, imene amati derivetivi, ndi liwiro limene votejiyo ikusinthira pa kamphindi komweko. Fomula ikuti liwiro lotsikira limadalira zimene zatsala: zikakhala zambiri zimatsika msanga, zikatsala theka liwironso limatsala theka. Nambala k ndi imene sisintha, ndipo ndi imene tikuisaka. Chizindikiro chochotsera chija chikungotiuza kuti V ikuchepa.

Lumikizani rezisita ku miyendo iwiri ya kapasita, mita nayonso pomwepo. Gunditsani batire kwa masekondi angapo, mwendo wa kapasita wa mbali ya mzere upite ku − ya batire. Mukatembenuza mudzaiwononga. Chotsani batire, yambitsani wotchi nthawi yomweyo, wina aziwerenga mita wina azilemba pa masekondi 10 alionse. Ife tinapeza 9.00 poyamba, 8.14 pa masekondi 10, 4.94 pa 60 ndi 4.47 pa 70.

Tsopano kupeza k, ndipo apa ndi pamene ndinagwa ine. Kuchokera mu fomula, k ndi liwiro lotsikira kugawa ndi voteji ya pa nthawiyo. Chifukwa cha ulesi ndinatenga mineti yathunthu. Ndinati 9.00 kuchotsa 4.94 ndi 4.06, kugawa ndi masekondi 60 ndi 0.068, kugawanso ndi 9.00 ndi 0.0075. Nambala imeneyi inandiuza kuti theka lifika pa masekondi 92. Mphwanga anangoloza papepala: "Achimwene, pa masekondi 70 pomwe tadutsa kale theka." Ndinayamba kunyoza kapasita, kenako batire, mpaka ndinakabwereka mita ina kwa aneba. Zida zinalibe mlandu.

Vuto linali lakuti chimene ndinawerengera sichinali derivetivi. Pa mineti yonseyo liwiro linali likutsika, lalikulu poyamba, laling'ono kumapeto. Ine ndinatenga liwiro lapakatikati la ulendo wonse n'kuligawa ndi voteji ya pachiyambi, imene ndi yaikulu kuposa zonse. Kulakwitsa kotere kumachepetsa k nthawi zonse, choncho nthawi yotsala theka imatuluka yotalika kuposa yeniyeni. Yankho lanu likamatalika kuposa zimene wotchi ikuonetsa, yambani mwakayikira pamenepa.

Mankhwala ake ndi awiri. Tengani kampata kakafupi, ndipo gawani ndi voteji ya pakati pa kampatako. Pa masekondi 10 oyamba voteji inatsika ndi 0.86, ndiye kuti mavoti 0.086 pa sekondi. Pakati pa 9.00 ndi 8.14 pali 8.57. Mukagawa 0.086 ndi 8.57 mupeza 0.0100. Musakhutire ndi malo amodzi. Pakati pa masekondi 60 ndi 70 inatsika ndi 0.47, ndiye 0.047 pa sekondi, voteji yapakati ili pafupifupi 4.7, ndipo mukagawa mupezanso 0.0100. Liwiro latsika pafupifupi ndi theka, voteji nayonso chimodzimodzi, koma k ili pomwepo. Umenewu ndiye umboni woti chinthu chanu chikutsatiradi lamuloli. k ikamasintha kwambiri malo ndi malo, musavutike kusaka nthawi yotsala theka, chifukwa palibe imodzi. Kampata musakafupikitsenso mopitirira, pa sekondi imodzi mita imangosintha manambala omalizira ndipo chala chanu pa wotchi chimachedwa kuposa pamenepo.

Pali msampha wina umene mphwanga anagweramo. Anati ngati ikutsika pafupifupi 0.09 pa sekondi, mavoti 4.5 atha pa masekondi 50. Zikanatero liwiro likanakhala losasintha. Koma likuchepa, ndiye ulendo utalika.

Kuti tipeze kutalika kwake kwenikweni, tifunika fankishoni imene derivetivi yake ndi iyo yomwe kuchulukitsa ndi −k. Ndi iyi:

```
V = V0 · e^(−kt)
dV/dt = −k · V0 · e^(−kt) = −kV
```

V0 ndi voteji yoyambira, t ndi nthawi, ndipo e ndi nambala yosasintha, pafupifupi 2.718. Mzere wachiwiriwo ukungotsimikiza kuti fankishoniyi ikugwirizana ndi fomula yathu. Tsopano ikani V0/2 m'malo mwa V, ndipo nthawi imeneyo tiitche T:

```
1/2 = e^(−kT)
ln 2 = kT
T = ln 2 / k = 0.693 / k
```

Ndi kumene 0.693 imachokera: ndi ln 2, ndipo ln ndi logarithimu imene imabweza zimene e wachita. Onani kuti V0 yafafanizika mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake zilibe kanthu kuti mwayambira pati, kuchoka pa 9 kufika pa 4.5 kumatenga nthawi yofanana ndi kuchoka pa 4.5 kufika pa 2.25. Pa kakyuleta dinani batani la ln, osati la log, chifukwa la log likupatsani 0.301 n'kukusokeretsani.

Kwa ife 0.693 kugawa ndi 0.0100 ndi masekondi 69. Bwerezani kuyesa, mudikire 4.5 pa masekondi 69, 2.25 cha pa 139, 1.1 cha pa 208.

Mukhozanso kuona k kuchokera pa zida, chifukwa pano k = 1/(RC), ndipo RC, ndiye kuti 100 kΩ ya rezisita kuchulukitsa ndi 1000 µF ya kapasita, ndi masekondi 100. Mukapeza kusiyana musadabwe. Makapasita a mtunduwu kawirikawiri amaloledwa kuphonya ndi 20 peresenti, ndiye T ikhoza kugwa paliponse pakati pa masekondi 55 ndi 83. Mita zotchipa zina zili ndi 1 MΩ yokha mkati ndipo zimaba magetsi pang'ono, T n'kutsikira cha pa 63. Khulupirirani k imene mwayeza, osati zolembedwa pachida.

Zina zonse ndi masamu omwewa. Kaboni-14, mtundu wa kaboni umene maatomu ake amasweka okha, amatsala theka pa zaka pafupifupi 5,730, ndiye k yake ndi 0.693 kugawa ndi 5,730, pafupifupi 0.000121 pa chaka. Ayodini-131, amene amaswekanso motero, amatenga masiku 8. Ingosamalani kuti k ikakhala ya pa chaka, T ituluka m'zaka. Tiyi wozizira m'kapu musamuyese mwachindunji, iye satsikira ku ziro koma ku kutentha kwa m'chipinda, ndiye chotsani kaye kutentha kwa chipindako pa nambala iliyonse musanayambe kugawa.