Tchati chanji pa lipoti la bodi? Mzere, mipiringidzo kapena chigumu

Musanatsegule n'komwe Excel, lembani papepala funso limene a bodi akufuna liyankhidwe, chifukwa funsolo ndi limene limasankha tchati. Tiyerekeze ndinu akauntanti wa SACCO ina yake muno mu Mzuzu ndipo miting'i ya bodi ili Loweruka.

Funso loyamba la atcheya limakhala loti kodi ngongole zikukwera kapena zikutsika. Apa nkhani ndi nthawi, ndiye sankhani miyezi yonse 12 ndi manambala ake, dinani Insert kenako Line. Miyezi iyende kuchoka kumanzere kupita kumanja, osadumpha mwezi olo unali woipa. Mukafuna kuonetsanso chaka chatha onjezani mzere wachiwiri basi, ikafika isanu imapiringizana palibe angaitsate.

Lachiwiri, nthambi iti ikuchita bwino. Uku n'kufananiza, pakufunika mipiringidzo, Clustered Column kapena Clustered Bar ngati mayina ndi atali. Yambani mwasanja manambala ndi Sort Largest to Smallest. Koma apa mpamene ambiri timagwera m'mbuna. Tinene Katoto yabweza K48 miliyoni, Luwinga 46, Chibavi 45, Zolozolo 44. Manambala akayandikana chonchi Excel payokha imatha kuyamba kuwerenga pa 42 m'malo mwa 0, ndiye mpiringidzo wa Katoto umatalika 6 wa Zolozolo 2, kuoneka ngati Katoto yaposa katatu pomwe kusiyana kwake ndi 4 miliyoni yokha, mpaka manijala wa ku Zolozolo angakalipiridwe zaziii. Yang'anani nambala yapansi penipeni kumbaliko, kapena yoyambirira kumunsi ngati ndi Clustered Bar, ngati si 0 dinani pamenepo ndi batani lakumanja la mausi, Format Axis, pa Minimum lembani 0. Pa tchati cha mzere chija kusayambira pa 0 sikulakwa kwenikweni, koma pa mipiringidzo ayi ndithu, diso limayeza kutalika.

Lachitatu, pa ngongole zonse gawo lalikulu likupita kuti. Apa ndiye pamalowa Pie, kaja kooneka ngati chigumu chodulidwa. Bizinesi 55 peresenti, fizi 30, ulimi 15. Phatikizani kaye, zikapanda kukwana 100 ndendende ndiye kuti pali gawo lasowa kapena ngongole ina mwaiwerenga kawiri. Zidutswa zikapitirira zisanu kapena zikakhala pafupifupi zofanana, chisiyeni chigumucho mubwerere ku mipiringidzo. Za 3-D Pie ine sindifuna n'kuziona komwe, chidutswa chakutsogolo chimaoneka chachikulu kuposa mmene chilili.

Pa Chart Title musangolemba "Ngongole", lembani yankho lenileni, monga "Katoto ikutsogola koma kusiyana n'kochepa". Mukatha pulintani tsamba limodzi muone, poti mapepala a bodi nthawi zambiri amachita fotokope yakuda ndi yoyera, chofiira ndi chobiriwira zimangotuluka zotuwa zonse. Ngati zidutswa sizikusiyanitsika dinani pa chigumucho ndi batani lakumanja la mausi, Add Data Labels, kenako mu Format Data Labels chongani Category Name kuti dzina likhale pachidutswa pomwepo.