Momwe mungatetezere ntchito za cron kuti zisadumphe kapena kuchitika kawiri wotchi ikasinthidwa

Kuno ku Malawi sitisintha wotchi. Chaka chonse nthawi yathu imakhala patsogolo pa UTC ndi maola awiri, n'chifukwa chake ambiri amene timayang'anira maseva sitiganizirako zoti ola limodzi likhoza kusowa kapena kubwera kawiri. Koma seva imene mwabwereka kunja imatsatira wotchi imene anaiikira, osati ya kumene inu mwakhala. Ku Britain wotchi imapita patsogolo Lamlungu lomaliza la Malichi, kuchoka pa 01:00 n'kufika pa 02:00, ndipo imabwerera m'mbuyo Lamlungu lomaliza la Okutobala, kuchoka pa 02:00 n'kubwerera pa 01:00. Ntchito iliyonse yoikidwa pakati pa 01:00 ndi 01:59 ili pangozi masiku awiri amenewo.

Choyamba, funsani seva kuti ikuyendera wotchi yakuti, kenako muone masiku amene wotchiyo imasintha.

```
timedatectl
zdump -v -c 2024,2026 Europe/London
```

Lamulo lachiwirilo limasonyeza mphindi yeniyeni ya kusintha kulikonse m'zaka za 2024 ndi 2025. Mukalembapo `Africa/Blantyre` simuona kusintha kulikonse m'zaka zimenezo. Musangokhulupirira mawu a amene anakugulitsani seva, makamaka aja otsatsa mitengo yotsika amene amagula kwa ena n'kukupatsani makina oikidwa kale zonse, chifukwa nthawi zambiri iwonso sanayang'anepo.

Chachiwiri, dziwani kuti cron imene ikuyendetsa ntchito yanu ndi yamtundu wanji, ndipo apa ndi pamene ine ndinapunthwa. Ndinkayang'anira pulogalamu ya kagulu kena kobwereketsa ndalama, ndipo usiku uliwonse pulogalamuyo inkawonjezera chiwongoladzanja cha tsikulo pa ngongole zochedwa. Mzere wake unali uwu:

```
30 1 * * * /opt/ngongole/chiwongola.sh
```

Nditalemba `timedatectl` pa seva ndinaona UTC, mtima n'kukhala m'malo. Chimene sindinachione n'chakuti ntchitoyo inkayenda mkati mwa kontena ya Docker yomangidwa pa Alpine, ndipo amene anaikonza poyamba anaikamo `tzdata` pamodzi ndi `TZ=Europe/London`. Motero kontenayo inali ndi wotchi yakeyake. Lolemba pa 28 Okutobala 2024 mlembi wa gululo anandiimbira kuti anthu akudandaula zoti ngongole zawo zakwera kuposa mmene amawerengera m'makope awo. Nditatsegula fayilo yolembamo zochitika ndinapeza mizere iwiri ya Lamlungu pa 27, yonse yolembedwa 01:30, ndipo kwa kanthawi ndinkaganiza kuti mzere wangolembedwa kawiri. Sunali mzere wobwereza. Ntchito yoyamba inachitika 01:30 BST, yomwe ndi 02:30 kuno kwathu, ndipo yachiwiri inachitika 01:30 GMT, yomwe ndi 03:30, patadutsa ola lathunthu. Ndikanapanda kukonza, pa 30 Malichi 2025 zikanachitika mosemphana, chifukwa tsiku limenelo 01:30 kunalibe n'komwe ku London, ndipo chiwongoladzanja cha tsikulo sichikanawerengedwa, ndiponso sipakanakhala uthenga uliwonse wa vuto.

Chifukwa chake chagona pa mmene mapulogalamuwa analembedwera. Cron ya pa Debian ndi Ubuntu, komanso cronie ya pa Fedora ndi Red Hat, zimazindikira wotchi ikasuntha ndi maola osakwana atatu. Ntchito yokhala ndi ola ndi mphindi zokhazikika ikadumphidwa, zimaiyendetsa wotchi ikangosintha, ndipo ola likabwerezedwa siziiyendetsanso. Koma chitetezo chimenechi sichifika pa ntchito zokhala ndi nyenyezi pamalo a ola kapena mphindi, monga `*/15 1 * * *`, zomwe zimangotsatira wotchi yatsopano. Crond ya BusyBox, imene imabwera ndi Alpine, ilibe nzeru zimenezi: mphindi iliyonse imangoyerekeza wotchi ya pamalopo ndi zimene zalembedwa, zikafanana n'kuyendetsa ntchito. Choncho lembani `date` mkati mwa kontena momwemo, osati kunja kokha.

```
docker exec ngongole date '+%F %T %Z %z'
```

Mukaona `BST`, `GMT`, `EST` kapena `EDT`, dziwani kuti wotchiyo ikhoza kusintha. Kuyambira tsiku limenelo ndimalemba `%z` m'fayilo iliyonse ya zochitika, chifukwa ikanakhalapo ndikanaona `+0100` pa mzere woyamba ndi `+0000` pa wachiwiri, ndipo sindikanataya theka la tsiku.

Chachitatu, sankhani wotchi yosasintha. Ambiri amalangiza UTC, ndipo ndi malangizo abwino, koma ngati ntchito yanu ikutumikira anthu a kuno, ine ndimakonda `Africa/Blantyre`. Chifukwa chake n'chakuti ntchito yoyenera kuchitika 01:00 pa 1 mwezi uliwonse kuno, mu UTC imagwera pa 23:00 tsiku lomaliza la mwezi wapitawo, ndipo cron ilibe njira yachidule yolembera tsiku lomaliza la mwezi.

```
sudo timedatectl set-timezone Africa/Blantyre
sudo systemctl restart cron
```

Musaiwale kuyambitsanso cron, yomwe pa Fedora imatchedwa `crond`, popeza ikhoza kupitiriza ndi wotchi yakale. Mukatero werengeraninso maola onse a mu crontab. Ngati simukufuna kusintha seva yonse, cronie imalola mzere wa `CRON_TZ=Africa/Blantyre` pamwamba pa ntchito, koma cron ya Debian siuwerengera mzerewo posankha nthawi, ndipo kulemba `TZ=` kumangosintha wotchi imene pulogalamu yanu ikuona ikayamba kale. Mu kontena, sinthani `TZ` n'kuiyambitsanso.

Nthawi zina ntchito iyeneradi kutsatira wotchi ya kunja, monga lipoti lofunika kufika 8 koloko m'mawa ku London chaka chonse. Pamenepo isiyeni pa `Europe/London`, koma muichotse mu ola loopsa lija. Ku United States ndi 02:00 mpaka 02:59 imene imasowa Lamlungu lachiwiri la Malichi, ndipo 01:00 mpaka 01:59 imabwerezedwa Lamlungu loyamba la Novembala. Ntchito yoikidwa 04:00 imapulumuka konsekonse kuwiriku.

Chachinayi, ntchito yokhudza ndalama izitha kudzikana yokha ikaitanidwa kachiwiri. Mnzanga wina anandiuza kuti ndiike `flock`, koma sikanandithandiza, chifukwa imangoletsa ntchito ziwiri kuyenda nthawi imodzi, pamene yanga inkatha m'mphindi zochepa, yachiwiri isanayambe n'komwe. Chofunika ndi chizindikiro cha tsiku pamwamba pa fayilo ya ntchitoyo.

```
mkdir -p /var/lib/ngongole
tsiku=$(TZ=Africa/Blantyre date +%F)
mkdir "/var/lib/ngongole/$tsiku" || exit 0
```

Lamulo la `mkdir` limalephera ngati fodayo ilipo kale, motero ulendo wachiwiri umathera pomwepo. Malire ake ndi akuti ntchito ikafera pakati, chizindikirocho chimatsala, ndipo muyenera kuchifufuta pamanja musanaiyendetsenso. Njira yolimba kwambiri ndi kuika `UNIQUE` pa nambala ya ngongole ndi tsiku mu databesi, yomwe ndinachita patapita sabata.

Za ntchito yodumphidwa, ikani ina yaing'ono ya 06:00 yoti izikutumizirani uthenga ikapeza kuti foda ya tsikulo palibe. Amene mumagwiritsa ntchito systemd, lembani dera mu `OnCalendar` momwemo, ndipo muyese ndi `systemd-analyze calendar "*-*-* 03:30 Africa/Blantyre"` kuti muone nthawi imene ntchitoyo idzayambenso. Pa Kubernetes, lembani `timeZone` mu CronJob.