Momwe mungatsimikizire kuti pa anthu 13 alipo awiri obadwa mwezi umodzi

Mukakhala pagulu la anthu 13, kaya ndi kalasi kaya pa msonkhano kaya mwangokumana mu basi, mutha kuyimilira nkunena kuti muno muli anthu awiri obadwa mwezi umodzi, musanafunse munthu olo mmodzi, ndipo simudzalakwa. Sikuti ndi mwayi ayi. Sizingatheke kuti zikhale mwina, ndipo chifukwa chake ndi chachidule moti ena akachimva amakwiya, amati aaa kani ndi zomwezi basi? Eya ndi zomwezo, koma pali pomwe anthu ambiri amapunthwa akamafotokozera anzawo, ndiye tiyeni tipite pang'onopang'ono.

Choyamba, werengani malo oyikamo anthu

Musayambe ndi anthu, yambani ndi miyezi. Chaka chili ndi miyezi 12, kuyambira Januwale mpaka Disembala. Tengani pepala mujambule mabokosi 12, bokosi lililonse mulembe dzina la mwezi pamwamba pake. Kenako dzifunseni mafunso awiri, ndipo musawadumphe olo akuoneka opepera. Kodi alipo munthu yemwe alibe bokosi? Palibe, aliyense anabadwa mwezi winawake, olo iye mwini atayiwala kapena asakuudziwa, mweziwo ulipo ndithu. Nanga alipo wolowa mabokosi awiri? Palibenso, munthu sabadwa kawiri, wobadwa pakati pa usiku pa 31 Meyi amalembedwabe mbali imodzi, Meyi kapena Juni. Munthu aliyense bokosi limodzi, mabokosi onse 12, apa maziko atha.

Chachiwiri, yesetsani kuti mfundoyi igwe

Apa ndi pomwe pali nkhani yonse. M'malo mofunafuna anthu awiri ofanana mwezi, inuyo mukhale mdani wa mfundoyi, muyesetse kuyika anthu 13 aja m'mabokosi popanda awiri kukumana. Mwapatsidwa ufulu wonse, mukusankha nokha mwezi wa aliyense.

Woyamba mwamuyika mu Malichi. Wachiwiri ali ndi mabokosi 11 opanda munthu, mwamuponya mu Ogasiti. Wachitatu Januwale, wachinayi Novembala, wachisanu Juni, zikuyenda bwinobwino palibe wakumana ndi mnzake. Mukupitiliza choncho, Epulo, Disembala, Febuluwale, Okutobala, Meyi, Seputembala, ndipo mukafika pa munthu wa nambala 12 mupeza kuti bokosi latsala limodzi lokha, Julayi, simukusankhanso, akungolowa momwemo. Ndiye akubwera wa nambala 13. Mumuyika kuti? Yang'anani pepala lanu, bokosi lililonse muli kale munthu. Mwezi wa 13 kulibe, kumusiya panja sizitheka chifukwa naye anabadwa, ndiye kulikonse komwe angalowe akapeza mnzake atakhala kale. Akhale wa Malichi, agundana ndi woyamba uja. Akhale wa Julayi, agundana ndi wa nambala 12.

Wina atha kufunsa kuti koma mwayesa njira imodzi yokha yowayikira, bwanji mukanayamba ndi Disembala? Funso labwino, ndipo yankho lake ndi lomwe limasandutsa chitsanzo kukhala umboni. Tayerekezani kuti zatheka, palibe awiri omwe akumana. Zikatero ndiye kuti bokosi lililonse lili ndi munthu mmodzi kapena lilibe munthu. Mukaphatikiza mabokosi 12 omwe lililonse silidutsa munthu mmodzi, anthu onse sangadutse 12. Koma ife tili ndi 13. Ndiye zomwe tinayerekeza zija ndi zabodza, bokosi lina lake lili ndi awiri kapena kuposa. Onani kuti apa sitinatchule mwezi uliwonse kapena yemwe anayamba kulowa, ndi chifukwa chake umboniwu umagwira pa gulu lililonse la anthu 13.

Akatswiri a masamu amaitcha mfundo ya zipinda za nkhunda, poti nkhunda zikachuluka kuposa zipinda za m'khola, chipinda china mugona ziwiri. Ambiri amayilumikiza ndi katswiri wa ku Germany, Peter Gustav Lejeune Dirichlet, yemwe anayigwiritsa ntchito cha m'ma 1834, ndipo dzina lomwe iye ankayitchula limakamba za madilowa osati nkhunda. Nkhunda, madilowa, miyezi, zonse ndi mabokosi basi.

Chachitatu, samalani zomwe mukulonjeza

Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe anthu amachita manyazi pagulu, masamu ali bwino koma pakamwa palonjeza zambiri. Mfundoyi imangonena kuti awiri alipo. Sikuuzani kuti ndi ndani, sikuuzani mwezi wake. Ndipo chachikulu, sikunena kuti alipo wobadwa mwezi umodzi ndi inuyo. Mutha kukhala wa Okutobala nokhanokha pomwe anzanu 12 onse ndi a Epulo, mfundo ikadali yoona chifukwa mu Epulo mwadzaza, koma inu mulibe mnzanu. Olo gulu likhale la anthu 500, palibe chokakamiza kuti wina akhale wa Okutobala ngati inu, zimangokhala zodabwitsa akasowa koma masamu sakuletsa.

Chinanso, mawu oti awiri pano akutanthauza osachepera awiri. Mukafunsa nkupeza kuti mu Juni muli anthu anayi, musaganize kuti mfundo yaphonya, anayi ndi oposa awiri. Komanso musamayembekezere kuti mwezi uliwonse mupezeka munthu. Pa gulu lenileni la anthu 13 nthawi zambiri miyezi ingapo imakhala yopanda munthu ndipo ina imakhala ndi awiri atatu, zija za mmodzi mmodzi mpaka 12 tinazipanga dala kuti tione malire.

Nanga anthu 12 bwanji?

Ndi 12 simungalumbire. Zitha kutheka kuti aliyense ali ndi mwezi wakewake monga tinawayikira paja. Koma kunena zoona zimenezi ndi zosowa kwambiri, tikatenga kuti miyezi yonse ili ndi mwayi wofanana, zimachitika pafupifupi kamodzi pa magulu 18,600. Ndipo olo pa anthu asanu okha, mwayi woti awiri afanane mwezi ndi pafupifupi 62 pa 100. Ndiye mutha kumawina masewerowa ndi timagulu ting'onoting'ono mpaka nkuyamba kuganiza kuti 13 ndi yongokometsera, koma kumeneko ndi kubetcha, tsiku lina mudzagwa nazo. Pa 13 ndi pomwe mwayi umasiya kugwira ntchito, ndipo zilibe kanthu kuti Febuluwale ndi waufupi kapena kuti miyezi ina ana amabadwa ambiri, umboni uja sunafunse za zimenezo.

Chachinayi, gulu likakula gawani

Pa anthu 24 mutha kuyika awiri awiri m'mabokosi onse 12 nkukwanira ndendende, palibe bokosi la atatu. Wa nambala 25 akangofika basi, kwinakwake akhala wachitatu. Ndiye pa anthu 25 muli otsimikiza kuti atatu anabadwa mwezi umodzi, pa 37 anayi, pa 49 asanu, nthawi zonse 12 kuchulukitsa nambala ina kenako kuwonjezera mmodzi.

Njira yachidule ndi iyi, gawani anthu ndi 12, pakakhala chotsala onjezerani 1 pa yankho, pakapanda chotsala lisiyeni choncho. Tiyese ndi kalasi ya anthu 40. 40 kugawa ndi 12 ndi 3, kutsala 4. Chotsala chilipo, ndiye yankho ndi 4, mwezi wina wake uli ndi anthu osachepera anayi. Kuti muone ngati zili zoona, yesaninso kugwetsa mfundo, bokosi lililonse muyikemo atatu, apita anthu 36, atsala anayi ali chiyimile ndipo aliyense wa iwo akalowa pena paliponse akhala wachinayi. Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi kutenga 3 ija nkuwonjezera chotsala chonse, munthu nkumati ndiye 7. Ayi, anayi otsala aja atha kumwazikana m'miyezi inayi yosiyana, ndiye chomwe mungalonjeze ndi 4 basi. Cholakwika china ndi kuwonjezera 1 pomwe palibe chotsala, pa anthu 36 yankho ndi 3 osati 4.

Chachisanu, mukasintha funso werengani mabokosi mwatsopano

Mukafuna awiri obadwa tsiku lofanana la sabata, Lolemba kaya Lachinayi, mabokosi ndi 7, anthu 8 akwana. Mukafuna ofanana deti lokha posatengera mwezi, mabokosi ndi 31, mufunika anthu 32. Koma mukafuna ofanana tsiku ndi mwezi womwe, ambiri amathamangira kunena 366 poganiza kuti chaka chili ndi masiku 365, ayiwala obadwa pa 29 Febuluwale. Mabokosi ndi 366, ndiye kuti mulumbire mufunika anthu 367. Bokosi limodzi loyiwalika likwanira kugwetsa umboni wonse, olo likhale lolowamo anthu ochepa bwanji.

Ngakhale 12 yathu ija imadalira kalendala yomwe mukugwiritsa ntchito. Kalendala ya ku Ethiopia ili ndi miyezi 13, khumi ndi iwiri ya masiku 30 ndi kamwezi kotsiriza ka masiku 5 kapena 6. Mukawerengera miyezi yobadwa pa kalendala imeneyo anthu 13 atha kukwana mmodzi mmodzi osakumana, ndiye kumeneko muyenera kudikira wa nambala 14 musanatsegule pakamwa.