Momwe mungadziwire LA wanu pa paketi ndi kumwa mlingo woyenera

Kuno ku Nkhotakota, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa, munthu akapezeka ndi malungo amapatsidwa LA, mankhwala amene analowa m'malo mwa Fansida mu 2007. Koma mapaketi a LA ndi osiyanasiyana, choncho musanamwe werengani kaye.

Yambani ndi dzina. Kaya pamwamba alemba Coartem kapena dzina lina, fufuzani mawu awiri awa: Artemether ndi Lumefantrine. Mapiritsi ake nthawi zambiri ndi achikasu, koma musadalire mtundu wokha. Mukaona Sulfadoxine ndi Pyrimethamine, ameneyo ndi SP, Fansida uja, amene amayi oyembekezera amamwa kusikelo kuti apewe malungo. Sapatsidwanso kwa wodwala ngati mankhwala ochiza.

Kenako onani manambala, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. LA wa m'zipatala za boma amalembedwa 20/120, manambala osonyeza kuchuluka kwa Artemether ndi Lumefantrine m'piritsi limodzi. M'mafamase ena muli wa 80/480, amene piritsi limodzi likufanana ndi anayi a 20/120. Ndiye kuti paketi ya mapiritsi 6 ikhoza kukhala ya kamwana, kapena ya munthu wamkulu womwa limodzi pa nthawi. Kungowerenga mapiritsi osaona manambalawo kungakuchititseni kumwetsa mwana mlingo wa bambo ake.

Mlingo wa 20/120 umatsata kulemera kwa thupi. Wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi, wa 15 mpaka 24 awiri, wa 25 mpaka 34 atatu, ndipo kuyambira 35 ndi anayi. Aliyense amamwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, n'chifukwa chake mapaketi amakhala a mapiritsi 6, 12, 18 ndi 24.

Tiyerekeze mwana wanu wakwana makilogalamu 18 pasikelo. Paketi yake ndi ya 12. Mukam'mwetsa awiri oyamba 8 koloko m'mawa, enanso awiri amwe pakatha maola 8, ndiye 4 koloko madzulo. Mawa ndi mkuja amwe awiri m'mawa, awiri madzulo. Ayambe wadya phala la nsinjiro kapena kumwa mkaka, chifukwa Lumefantrine salowa bwino m'magazi popanda mafuta. Akasanza pasanathe mphindi 30, m'mwetseninso, kenako mukatenge ena kuchipatala oti alowe m'malo mwa osanzidwawo.

Tsiku lachiwiri mwana amayamba kusewera, ndipo mayi amaganiza zosungira m'bale wake otsalawo. Musatero. Artemether amapha tizilombo tambiri mwachangu koma sakhalitsa m'thupi. Totsalato amamaliza ndi Lumefantrine, amene amafunika achulukane m'magazi mpaka mlingo womaliza. Mukadukiza, malungo akhoza kubwerera pakatha sabata zochepa, ndipo tizilombo topulumuka timapeza mpata wozolowera mankhwala.

Musaiwale kuona tsiku lothera mphamvu ya mankhwala lolembedwa pafupi ndi EXP, ndipo kanani paketi yobooka kapena mapiritsi opatsidwa m'kapepala. Mwana akamakomoka, akamasanza chilichonse kapena kukana kuyamwa, siyani za mapiritsi, thamangirani naye kuchipatala.