Fodya wa "light" asatinamize

Pa msika ku Ulongwe dzana mnzanga wina amadzitama kuti anasintha, pano akusuta wa "light" ndiye chifuwa chili bwino. Ndinangomuuza kuti achimwene tang'ambani kapepala ka fyuluta yanuyo muyang'anitse padzuwa. Pali timabowo ting'onoting'ono tozungulira.

Nkhani yonse yagona pa timabowoto. Manambala a phula ndi nikotini amene amachititsa fodyayu kutchedwa "light" amayeza ndi makina, ndiye makinawo akamakoka mpweya umalowera m'timabowo nkusungunula utsi, nambala imatsika. Koma munthu si makina, zala ndi milomo zimatseka timabowoto osadziwa nkomwe, komanso poti thupi likufuna nikotini yake yomwe ija mumakoka mwamphamvu, pafupipafupi, utsi nkufika pansi penipeni pa mapapo, ena mpaka kuwonjezera ndudu, amene amasuta 10 patsiku mupeza akufika 15. Phula lomwe lija lalowa basi.

Fyuluta imagwirako tinthu tina inde, nchifukwa chake imada, koma mpweya wa poizoni uja wa kaboni monokisaidi umangodutsa. Kusakanda kukhosi kuja ndiye kumapusitsa anthu kwambiri.

Ku Amerika mawu oti "light", "mild" ndi "low" anawaletsa pamapaketi kuyambira 2010, makampani anangosintha mtundu wa paketi, fodya ndi yemwe uja.