Momwe mungabwezeretsere masheya anu pa mlingo womwe munasankha

Tiyerekeze kuti mlimi wa mbatatesi ku Tsangano anapatula K2,000,000. Anagamula kuti 60 peresenti, yomwe ndi K1,200,000, ipite ku masheya a makampani pa msika wa masheya wa ku Blantyre, ndipo K800,000 yotsalayo akongoze boma kudzera m'mabilu a masiku 364. Umenewu ndiye mlingo wake.

Mlingowu sukhala malo amodzi chifukwa mbali ziwirizi sizikula mofanana. Mabilu amakula ndi chiwongoladzanja chokha, pomwe masheya mtengo wake umatha kulumpha kapena kugwa. Tinene kuti patatha zaka zitatu masheya afika K3,000,000, mabilu K1,400,000. Mwini wake sanagule kapena kugulitsa kanthu, koma masheya tsopano ndi 68 peresenti ya K4,400,000. Msika ukagwa, amulasa kwambiri kuposa momwe anavomerezera poyamba. Enanso amakulitsa okha kusiyanaku pothira ndalama zatsopano ku sheya yomwe yatchuka chaka chimenecho.

Yambani ndi kulemba mtengo wa lero wa chilichonse, osati womwe munagulira. Buloka wanu, yemwe amakugulirani ndi kukugulitsirani masheya, akupatsani sitetimenti. Phatikizani zonse, muone peresenti ya mbali iliyonse. Ngati kusiyana sikunapitirire 5 peresenti, zisiyeni, komishoni ingakudyereni chabe.

Pomwe ambiri amaphonya ndi powerengera zoti agulitse. Munthu amaona kuti wapyola ndi 8 peresenti, n'kutenga 8 peresentiyo pa masheya okha, kupeza K240,000. Akagulitsa zimenezo amatsala ndi K2,760,000, yomwe ikadali pafupifupi 63 peresenti. Mlingo umawerengeredwa pa thumba lonse. Pa K4,400,000, 60 peresenti ndi K2,640,000, ndiye chotsani imeneyi pa K3,000,000 yomwe muli nayo. Zogulitsa ndi za K360,000. Musanatumize oda, gawani zotsalazo ndi ndalama zonse, ndipo yankho likapanda kukhala 60 peresenti, bwererani pa masamu.

Njira yachidule ilipo, ndipo ine ndimaona kuti ndiyo yabwino kwa mlimi. Musagulitse kanthu. Mbatatesi ikayenda bwino pa Lizulu, ikani K600,000 yatsopano ku mabilu okhaokha. Thumba lifika K5,000,000, ndipo masheya a K3,000,000 aja abwerera okha pa 60 peresenti popanda komishoni yogulitsira. Phindu lomwe makampani amagawa litumizeninso komweko.

Mukasankha kugulitsa, yambani ndi kampani yomwe yafufuma kwambiri. Msika wathu ndi waung'ono, masheya ena amakhala masiku angapo wogula osapezeka, choncho uzani buloka mtengo womwe simungatsikepo. Buloka akhale wa chiphaso cha Banki Yayikulu ya Malawi, osati anyamata a pa Watsapu olonjeza kuchulukitsa ndalama pa mwezi umodzi.

Ndalama zikalowa, zipite ku mabilu sabata yomweyo zisanasanduke feteleza. Lembani tsiku, mudzayang'anenso chaka chamawa mwezi womwewo.